Mswachi wa Mtengo ndi Mswachi wa m'Sitolo: Wotsuka Bwino Mano ndi Uti?

Ine ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa za umoyo. Lero ndabwera ndi zinthu ziwiri m'manja mwangamu. Kumanjaku ndili ndi kamtengo kamene ndathyola m'mawa uno mu mtengo wa gwafa. Kumanzereku ndili ndi mswachi wogula m'sitolo. Funso limene amayi amandifunsa kawirikawiri ku sikelo ndi lakuti, "Kodi anamwino, pa ziwirizi chabwino ndi chiti?"

Ndisanayankhe, ndikufotokozereni za mayi wina wa ku Bangwe kuno amene ndinacheza naye ku sikelo ya amayi oyembekezera. Dzina lake sinditchula. Anali ndi pakati pa miyezi 5, ndipo kunyumba anali ndi ana awiri, wina wa zaka 6 ndi wina wa zaka 2. Mayiyu anadandaula kuti akamatsuka mano, malovu ake amatuluka ofiira ndi magazi. Apongozi ake atamva anati, "Mswachi wa m'sitolowo ndiwo ukukuchekani nkhama. Ife takula ndi kamtengo, mano athu ndi awa alipo onse." Bambo a kunyumba nawonso anati, "Ayi amayi, za mitengo ndi za kumudzi, kuno ndi ku tauni." Posowa womumvera, mayiyu anangoleka kutsuka mano, n'kumangochukucha m'kamwa ndi madzi. Patapita masabata atatu magazi aja anawonjezeka, ndipo m'kamwa munayamba kununkha.

Apongozi aja ananena zoona pang'ono, bambo aja nawonso pang'ono. Koma onse awiri anaphonya chimene chimavutitsa mano. Tiyeni tiyambire pamenepo, kenaka tibwerera kwa mayi uja.

Chimene timachotsa potsuka mano

Aliyense ayendetse lilime pa mano ake akumbuyo. Ngati simunatsuke chidzukire, mumva ngati mano akutidwa ndi kanthu koterera. Mukakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa nkhama, pamatuluka zoyera zofewa ngati phala. Ambiri timaganiza kuti ndi nsima yotsalira, koma si nsima ayi. Ndi tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene tamatirira pa dzino ndi kuswana pamenepo. M'nkhani ino tizitchula zimenezi kuti litsiro la m'mano. Litsiro limeneli limabwerera tsiku lililonse, ngakhale munthu agone ndi njala, ndipo silichoka ndi kuchukucha kokha. Limafuna kukwecha.

Litsiroli limachita zoipa ziwiri. Choyamba ndi kubowola mano. Tikamwa tiyi wa shuga, sobo, kapena ana akadya maswiti ndi mabisiketi, tizilombo tija timadya shugayo ndi kutulutsa madzi owawasa amene amasungunula chikutu cholimba cha dzino. Pakadutsa miyezi, dzino limabowoka. Kale tinkati muli nyongolotsi, koma zoona zake ndi zimenezi. Chachiwiri ndi kutupitsa nkhama. Litsiro likakhala masiku angapo pamene dzino lakumana ndi nkhama, nkhamazo zimafiira, zimatupa, ndipo zimatuluka magazi zikangokhudzidwa. Likakhalitsa limauma n'kusanduka ngati mwala wachikasu kapena wakuda. Likafika pamenepo, kamtengo kapena mswachi wa m'sitolo sizingathe kulichotsa. Amachotsa ndi a chipatala cha mano ndi zitsulo zawo.

Vutoli si la anthu ochepa. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1 mwa magazini a zachipatala mu 2016, anapeza kuti mwa ana a sukulu a zaka 12 ndi 15, mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi dzino lobowoka. Mwa akuluakulu a zaka 35 kupita m'tsogolo, pafupifupi theka anali ndi vuto lomwelo.

Tsono pofananiza miswachi iwiriyi tifunse mafunso awiri. Kodi ndi uti umene umachotsa litsiro paliponse? Nanga ndi uti umene umalimbitsa dzino kuti lisabowoke?

Mswachi wa mtengo

Kamtengo si chinthu chochititsa manyazi. Anzathu achisilamu amatsukira mano ndi mtengo umene amautcha miswaki, ndipo agwiritsa ntchito mtengowu kwa zaka mazanamazana. Ku Mozambique amayi amatsukira muzu wotchedwa mulala, umene umasiya milomo yofiirira. Ku India amatsukira nimu, mtengo womwe uja wadzadza ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linavomereza kale kuti kumene anthu anazolowera timitengo, apitirize. Ndipo ku Tanzania, mu kafukufuku wa ana a sukulu amene anasindikizidwa mu 1992, anapeza kuti ana ophunzitsidwa bwino kutsuka ndi kamtengo ankayeretsa mano mofanana ndi anzawo a mswachi wa m'sitolo. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti ophunzitsidwa bwino.

Kakonzedwe kake ndi aka. Sankhani nthambi yaiwisi, yonenepa ngati pensulo kapena ngati chala chanu chaching'ono. Kutalika kwake kukhale ngati kuchokera pa nsonga ya chala chapakati kufika pa mfundo ya dzanja. Itsukeni ndi madzi abwino. Sendani khungwa kunsonga imodzi, malo aafupi ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kenaka tafunani nsongayo ndi mano akumbuyo mpaka iphwanyike n'kukhala ndi timaluzi tofewa. Yesani pa msana wa dzanja lanu. Ngati ikubaya kapena kukanda, sinafewe, tafunaninso. Kamtengo kouma muyambe mwakaviika m'madzi abwino kwa maola angapo.

Gwirani kamtengoko monga mugwirira cholembera. Ikani timaluzi tija pamene dzino lakumana ndi nkhama, ndipo sesani kuchokera ku nkhama kupita kunsonga ya dzino. Mano a m'mwamba sesani motsitsa, a m'munsi sesani mokweza. Popeza kamtengo kali ndi mutu waung'ono, kamatsuka dzino limodzi pa nthawi imodzi, choncho kamafuna nthawi yochulukirapo, mwina mphindi 5. Mukatha, dulani nsonga yogwiritsidwa ntchitoyo kuti mawa mudzatafune yatsopano. Timaluzi ta dzulo timasunga litsiro ndipo timathothoka n'kutsalira pakati pa mano.

Ubwino wa kamtengo ndi woonekeratu. Sikafuna ndalama ngati muli ndi mtengo wa gwafa kapena wa mango pakhomo. Nsonga yake imakhala yatsopano tsiku lililonse. Kutafuna kumabweretsa malovu ambiri, ndipo malovu amathandiza kusukulutsa zowawasa zija. Mitengo ina, monga nimu ndi miswaki, ili ndi madzi amene amafooketsa tizilombo ta m'kamwa.

Koma kamtengo kali ndi malo amene kamalephera. Taonani kamene ndagwiraka. Timaluzi take taloza kutsogolo, molunjika ndi chogwirira, ngati tsache. Kutsogolo kwa mano kamafika bwino kwambiri, n'chifukwa chake otsukira kamtengo amakhala ndi mano oyera akamaseka. Koma yesani kukafikitsa mkati mwa mano akumbuyo a m'munsi, mbali ya ku lilime. Muona kuti dzanja likusowa popindira. Malo amenewo, pamodzi ndi kuseri kwa dzino lomalizira, ndi amene amatsalira. Chothandiza ndi kusankha nthambi yokhota pang'ono kunsonga, kutsegula pakamwa kwambiri, ndi kuyambira mkatimo mphamvu zisanathe.

Cholakwa china ndi chokhalitsa ndi kamtengo m'kamwa. Timawaona anthu ena akuyenda kuchokera kunyumba mpaka ku msika wa Ndirande kamtengo kali m'kamwa, akukwecha mano awiri okhaokha akutsogolo. Kukwecha kotere, makamaka mopingasa ndi kamtengo kolimba, kumakankha nkhama. Chizindikiro chake ndi chakuti mano amaoneka ngati atalika, pa khosi la dzino pamakumbika kamzere, ndipo mukamwa madzi ozizira mumamva kunyung'unya. Nkhama ikathawa chotero sibwereranso.

Si mtengo uliwonse umene uyenera kulowa m'kamwa. Musathyole mtengo wotuluka utomoni woyera ngati mkaka, monga nkhadze, chifukwa umawotcha m'kamwa ndi m'maso. Musathyole maluwa a mpanda amene simukuwadziwa, pakuti ena mwa iwo ndi poizoni. Chenjeraninso ndi mtengo wa indiya, umene ambiri amausokoneza ndi nimu. Nimu amachita maluwa oyera, pamene indiya amachita maluwa ofiirira motuwa ndi tizipatso tozungulira tachikasu timene timatsalira mu mtengo masamba atayoyoka. Tizipatso timeneti ndi toopsa kwa ana. Pewaninso mtengo umene wapoperedwa mankhwala, kapena nthambi zogwera m'ngalande. Lamulo lake ndi lapafupi: mtengo umene simukuudziwa dzina, usalowe m'kamwa.

Mswachi wa m'sitolo

Tsopano taonani uwu. Timaluzi take taloza cham'mbali, osati kutsogolo. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamaupatsa mwayi. Mukangotembenuza dzanja pang'ono, umafika mkati mwa mano ndi kumbuyo komwe. Umatsukanso mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kotero mphindi 2 zimakwana.

Pogula, ambiri timasankha wolimba poganiza kuti ndiwo uyeretsa komanso ukhalitsa. Kumeneko ndi kulakwitsa. Litsiro la m'mano ndi lofewa ngati phala, silifuna mphamvu. Mswachi wolimba umakankha nkhama monga momwe kamtengo kolimba kamachitira. Gulani wofewa, wa mutu waung'ono. Upendeketseni kuti timaluzi tiloze ku nkhama, ndipo uyendetseni mozungulira pang'onopang'ono, osati mocheka ngati sowo. Yambani mbali imodzi ndi kuzungulira m'kamwa monse, kunja kwa mano, mkati mwake, ndi pamwamba potafunira.

Vuto la mswachi uwu ndi ndalama, ndipo vuto la ndalama limabala mavuto ena awiri. Loyamba ndi kuusunga mpaka utatheratu. Mswachi umafunika kusintha pakatha miyezi itatu, kapena timaluzi tikangoyamba kutambasuka ngati tsache lakale. Ukatambasuka sulowanso m'mphepete mwa nkhama, umangopukuta pamwamba. Tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi afunika miswachi 4 pa chaka. Banja la anthu 6 lifunika miswachi 24. Kwa mayi wogulitsa tomato kapena mandasi, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Lachiwiri ndi kubwerekana. Ana atatu mswachi umodzi, kapena bambo ndi mayi umodzi. Izi musachite. Nkhama zikamatuluka magazi, mswachi umanyamula magaziwo ndi tizilombo kupita kwa wina. Ngati ndalama yakwana miswachi iwiri yokha, gulirani ana aang'ono, inu akuluakulu mutsukire kamtengo. Kamtengo katsopano kamaposa mswachi wotambasuka, ndipo kamaposa kutali mswachi wobwerekana.

Mukatha kutsuka, tsukuluzani mswachiwo, ukutumuleni, ndi kuuimika m'kapu mutu uli m'mwamba kuti uume. Musausomeke pa denga la bafa kapena pafupi ndi chimbudzi pamene mphemvu ndi ntchentche zimayenda. Ndipo kaya ndi kamtengo kaya ndi mswachi, madzi otsukira m'kamwa akhale omwe aja mumamwa, owiritsa kapena othira mankhwala. Tonse tikukumbukira kolera amene anavuta mu mzinda uno mu 2022 ndi 2023. Madzi a pachitsime chosatetezedwa sasiya kukhala oopsa chifukwa choti mwangochukuchira.

Chimene miswachi yonse iwiri ilibe

Tayankha funso loyamba. Pa kuchotsa litsiro, ziwirizi n'zofanana ngati dzanja likudziwa ntchito, kungoti kamtengo kamafuna nthawi ndi luso lochulukirapo mkati mwa mano. Tsopano funso lachiwiri, lolimbitsa dzino.

Apa mpamene pagona nkhani. Mano akumbuyo ali ndi timing'alu pamwamba pake, topapatiza kwambiri kotero kuti ngakhale kaluzi kamodzi ka mswachi sikalowamo. Pakati pa mano awiri ogundana ndi chimodzimodzi. Kubowoka kwambiri kumayambira m'malo amenewa. Chimene chimateteza malowa ndi mchere wina wotchedwa fulorayidi, umene umapezeka m'mankhwala otsukira mano, aja ambirife timangowatcha kolugeti. Fulorayidi amalowa m'chikutu cha dzino, amabwezeretsa pamene zowawasa zinayamba kusungunula, ndi kulimbitsa dzinolo. Mitengo ina ili naye pang'ono, koma wosakwanira kuti tiudalire. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linaika mankhwala otsukira mano a fulorayidi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri kwa anthu onse.

Choncho mswachi wa m'sitolo wopanda mankhwalawa suposa kamtengo. Ndipo nkhani yabwino ndi iyi: mankhwalawa mungathe kuwapaka pa kamtengo. Palibe lamulo loti ayende ndi mswachi wogula basi. Ngati ndalama ili yochepa ndipo muyenera kusankha chimodzi pakati pa mswachi wa munthu wamkulu ndi chubu cha mankhwala, gulani chubu.

Pogula yang'anani kumbuyo kwa chubu. Payenera kukhala nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 yotsatana ndi zilembo zitatu izi, ppm. Machubu ambiri amalemba 1450. Ngati palibe nambala yotere, kapena tsiku lake lotha ntchito linadutsa, musagule.

Ena mukuti mankhwalawa sachedwa kutha. Amatha msanga chifukwa timadzadza mswachi wonse monga amaonetsera otsatsa malonda. Muyeso woyenera ndi uwu. Mwana wosakwana zaka 3, kungopaka pang'ono ngati kambewu ka mpunga. Kuyambira zaka 3 kupita m'tsogolo, ngati njere imodzi ya nandolo, ndipo muyeso womwewo ukwanira munthu wamkulu. Njere yotere imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a galamu. Anthu anayi akamatsuka kawiri pa tsiku amatha magalamu 2, kotero chubu cha magalamu 100 chiwafikitsa masiku 50. Akamadzadza mswachi wonse, chubu chomwecho sichitha masabata awiri.

Mukatha kutsuka, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Ndikudziwa kuti izi zikumveka zachilendo. Koma mukachukucha mumataya fulorayidi amene mwagula ndi ndalama zanu asanagwire ntchito. Tsukani kawiri pa tsiku, ndipo ulendo wofunika kwambiri ndi wa usiku pokagona. Tikagona malovu amachepa, ndiye tizilombo timapeza danga usiku wonse. Ambirife timatsuka m'mawa mokha kuti tisanunkhe m'kamwa mu minibasi. Mano amawonongeka usiku.

Nanga makala, phulusa ndi mchenga? Zimenezi zimayeretsa pa masiku oyamba chifukwa zimapala dzino monga momwe mchenga umapalira poto. Koma chikutu cha dzino sichimeranso. Chikaperepeseka, dzino limasanduka lachikasu ndipo limanyung'unya. Mankhwala akatha, tsukani ndi kamtengo kapena mswachi ndi madzi okha mpaka mutapeza ena.

Za ana athu

Kwa mwana wamng'ono, apa ndinena mosabisa kuti mswachi wa m'sitolo ndiwo wabwino. Mwana wa zaka ziwiri sangatafune kamtengo mpaka kufewa, akhoza kumeza tizidutswa, ndipo akagwa akuthamanga nako kakhoza kumubaya kukhosi. Inunso musamutafunire, chifukwa mumupatsira tizilombo ta m'kamwa mwanu. Dzino loyamba likangotuluka, kawirikawiri pa miyezi 6, yambani kulitsuka ndi kamswachi kofewa ka ana. Ngati palibe, kulungani kansalu koyera pa chala, pakanipo mankhwala ngati kambewu ka mpunga, ndi kupukuta.

Mukhazikeni mwana pamiyendo panu atakufulatirani, mutu wake utatsamira pachifuwa panu. Mukatero muona m'kamwa monse. Kwezani mlomo wa m'mwamba ndi chala ndipo yang'anani m'mphepete mwa nkhama. Mukaona timizere toyera ngati choko pa mano akutsogolo, kumeneko ndi kuyamba kwa kubowoka. Pa nthawi imeneyi fulorayidi ndi kuchepetsa zotsekemera zikhoza kuimitsa vutolo. Pakada ndi kukumbika, pafunika chipatala.

Ena amati mano a mwana alibe ntchito poti adzagweruka. Mvetserani ichi. Mwana amakhala ndi mano 20 oyamba. Akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera mano anayi akuluakulu, awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi, popanda dzino lililonse kugweruka pamalopo. Amenewa ndi mano a moyo wake wonse, koma makolo ambiri amawayesa oyamba aja, ndipo ndi amene amazulidwa kawirikawiri. Ali kumbuyo kumene kamtengo kamavutika kufika. N'chifukwa chake mwana azitsukidwa kapena kuyang'aniridwa ndi munthu wamkulu mpaka zaka 7 kapena 8. Akatha kumanga yekha zingwe za nsapato, dzanja lake lakhwima, ndipo mukhoza kumuphunzitsa kamtengo.

Tibwerere kwa mayi wa ku Bangwe

Nditayang'ana m'kamwa mwa mayi uja, ndinapeza nkhama zofiira ndi zotupa, makamaka mkati mwa mano a m'munsi, ndipo litsiro linali lambiri m'mphepete monse. Mswachi wake atabwera nawo, unali wolimba ndi wotambasuka, wa chaka chathunthu. Ndinamufotokozera kuti mayi akakhala ndi pakati, thupi limasintha ndipo nkhama zimatupa msanga ngakhale litsiro likhale lochepa. Mswachi sunali kucheka nkhama zabwinobwino ayi. Unkangokhudza nkhama zodwala kale. Ndipo pamene analeka kutsuka, litsiro linachuluka, magazi n'kuwonjezeka. Za kuti mwana wa m'mimba amayamwa mano a mayi ake si zoona. Chimene chimachotsa mano ndi litsiro ndi shuga.

Tinagwirizana zotere. Mswachi wakale autaye. Ndalama imene anali nayo inakwana chubu chimodzi cha mankhwala ndi timiswachi tiwiri ta ana, ndiye anagula zimenezo. Iye mwini anayamba kutsukira kamtengo ka gwafa wa pakhomo pawo, kotafunidwa mpaka kufeweratu, atapaka mankhwala ngati njere ya nandolo, m'mawa ndi usiku, kuyambira mkati mwa mano a m'munsi. Amene anamuphunzitsa kusankha nthambi yabwino ndi apongozi ake omwe aja. Ndinamuchenjeza kuti masiku oyamba magazi azitulukabe, koma asaleke, angotsuka mofatsa. Ndinamuuzanso kuti akasanza, monga amachitira amayi oyembekezera, achukuche ndi madzi ndi kudikira kanthawi asanatsuke, chifukwa masanzi ndi owawasa ndipo amafewetsa chikutu cha dzino.

Atabweranso ku sikelo mwezi wotsatira, magazi anali atasiya pafupifupi paliponse. Panatsala malo amodzi, kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, pamene litsiro linali litauma kale ngati mwala. Pamenepo ndinamutumiza kwa a mano kuti akapale. Mayi woyembekezera akhoza kupalidwa mano ndi kuthandizidwa dzino lopweteka popanda vuto, bola awauze a chipatala kuti ali ndi pakati.

Mmene mungadziwire kuti mukutsuka bwino

Simufunika namwino kuti akuuzeni. Mukatha kutsuka, yendetsani lilime mkati mwa mano onse. Pamene payera pamamveka posalala ngati mbale yadothi yotsuka. Pamene pakumveka zomata, bwererani. Kandani ndi chikhadabo choyera m'mphepete mwa nkhama za mano akumbuyo. Chikatuluka ndi zoyera, malowo mukuwadumpha. Yang'ananinso malovu anu. Nkhama zotupa chifukwa cha litsiro zimasiya kutuluka magazi pakatha sabata imodzi kapena awiri mukutsuka bwino.

Ngati papita masabata awiri magazi osasiya, ngati mano akugwedera, ngati m'kamwa muli zoyera ngati mkaka wogona kapena zilonda zosapola, pitani ku chipatala. Nthawi zina zimenezi zimasonyeza matenda ena a m'thupi, monga a shuga kapena kuchepa kwa chitetezo. Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu kwa inu a ku Machinjiri, ndipo vuto likakhala lalikulu adzakutumizani ku chipatala cha mano ku Gulupu. Dzino lobowoka silipola ndi kutsuka, kaya ndi mtengo wowawa chotani. Musaike asipulini pa nkhama, amawotcha. Ndipo tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kapena munthu akamalephera kutsegula pakamwa ndi kumeza, musadikire kuti kuche. Mafinya a dzino akhoza kutsikira kukhosi ndi kutseka mpweya.

Tsono kwa apongozi ndi kwa bambo aja yankho langa ndi ili. Munthu wamkulu asankhe chimene angakwanitse, kamtengo kofewa katsopano kapena mswachi wofewa wosatambasuka, wakewake. Mwana wamng'ono apatsidwe kamswachi ndipo atsukidwe ndi inu. Onsewo apake mankhwala a fulorayidi pang'ono, atsuke mkati ndi kumbuyo komwe, makamaka usiku, alavule osachukucha.

Ndabwera ndi nthambi za gwafa zokwanira tonse, pamodzi ndi mpeni ndi madzi abwino. Aliyense atenge imodzi, tisende, titafune, ndipo ndizungulira kuona ngati nsonga zafewa. Kenaka tiyesere limodzi kufika mkati mwa dzino lomalizira la m'munsi. Amene ali ndi mafunso afunse tikuchita zimenezi.